Mitundu Isanu Ndi Yokwanira Kupakira Mapu Aliwonse

Tengani mapu a kum'mwera kwa Africa muyang'ane mayiko anayi awa: Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Malawi wachita malire ndi atatu onsewo. Zambia ikukumana ndi Tanzania pa Nakonde ndi Tunduma, komanso ikukumana ndi Mozambique kum'mwera kwa Katete. Nawo mayiko a Mozambique ndi Tanzania akugawana mtsinje wa Ruvuma. Ndiye kuti dziko lililonse mwa anayiwa lagundana ndi anzake onse atatu. Mwana wasukulu akapatsidwa chekeni kuti apake mapuwa, n'kumuuza kuti mayiko ogundana asafanane mtundu, sangachitire mwina koma kugwiritsa ntchito mitundu inayi. Itatu singakwane ngakhale atayesa bwanji.

Funso limene limabwera ndi lakuti, kodi pangapezeke mapu ena opotana kwambiri, oti n'kufuna mitundu 6, 10 kapena kuposa apo? Yankho ndi lakuti ayi. Mapu alionse ojambulidwa pa pepala, kaya ali ndi mayiko 10 kaya miliyoni, akhoza kupakidwa ndi mitundu isanu yokha. Akatswiri a masamu amaitcha mfundoyi thiyoremu ya mitundu isanu, ndipo umboni wake munthu akhoza kuutsatira ndi pensulo ndi pepala. Umboniwu wakhazikika pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuwerenga kumene kukusonyeza kuti pa mapu alionse pali dziko lokhala ndi anansi osaposa asanu. Chachiwiri ndi njira yosinthanitsa mitundu iwiri kuti mtundu umodzi utsale wopanda mwini.

Kumene funsoli linachokera

Mu 1852 mnyamata wina wa ku England, Francis Guthrie, ankapaka utoto mapu a maboma a dziko lake, ndipo anaona kuti mitundu inayi ikumukwanira. Anafuna kudziwa ngati zimenezi zingatheke pa mapu ena alionse. M'bale wake Frederick anakafunsa mphunzitsi wake, Augustus De Morgan, ku London, koma nayenso yankho analibe. Patapita zaka Francis Guthrie anasamukira ku South Africa, kumene anakhala pulofesa wa masamu ku Cape Town.

Mu 1879 loya wina wa ku London wokonda masamu, Alfred Kempe, anasindikiza umboni woti mitundu inayi ndi yokwanira. Anthu anauvomereza kwa zaka 11. Mu 1890 Percy Heawood, amene ankaphunzitsa ku Durham, anapeza pamene umboniwo unaphonya. Koma Heawood sanangogwetsa ntchito ya mnzake n'kuchoka. Anaona kuti njira ya Kempe ndi yolimba bwinobwino ngati munthu aloledwa mitundu isanu m'malo mwa inayi. Umboni umene tikufotokoza pano ndi umenewo.

Mapu asanduke madontho ndi mizere

Pa nkhani yopaka utoto, kukula kwa dziko kapena kukhotakhota kwa malire ake kulibe ntchito. Chofunika ndi chimodzi chokha: dziko ili lagundana ndi ndani. Choncho timaika dontho limodzi pakati pa dziko lililonse, ndipo mayiko awiri akakhala ndi malire timalumikiza madontho awo ndi mzere wodutsa pa malirewo. Chithunzi cha madontho ndi mizere choterechi chimatchedwa girafu. Chiwerengero cha mizere yochoka pa dontho limodzi chimatchedwa digiri ya dontholo, ndipo n'chimodzimodzi ndi chiwerengero cha anansi a dzikolo. Pa mapu a Africa, Malawi ali ndi digiri 3, Uganda 5, Zambia 8.

Girafu yochokera ku mapu ili ndi khalidwe limodzi lapadera: mizere yake ikhoza kujambulidwa pa pepala popanda kupingasana. Mizere imakumana pa madontho pokha. Umboni wonse watsamira pa khalidwe limeneli.

Pali malamulo awiri oyenera kuwasunga. Loyamba, mayiko amene angokhudzana pa nsonga imodzi sawerengedwa ngati anansi. Pamafunika malire okhala ndi utali. Lachiwiri, dziko lililonse likhale chinthu chimodzi cholumikizana. Angola ili ndi chigawo cha Cabinda chimene chinapatukana ndi dziko lonselo. Tikakakamiza kuti zidutswa zoterezi zikhale ndi mtundu umodzi ndi dziko lake, n'kulola kuti mayiko ambiri akhale odukaduka chomwecho, mizere ikhoza kupingasana ndipo thiyoremu siilonjezanso kanthu.

Kuwerenga kwa Euler

Girafu yopanda mizere yopingasana imadula pepala m'zigawo. Malo onse akunja, ozungulira chithunzicho, nawonso timawawerenga ngati chigawo chimodzi. Chiwerengero cha madontho tichitche V, cha mizere E, cha zigawo F. Katswiri wa ku Switzerland, Leonhard Euler, anapeza ubale wa manambala atatuwa cha m'ma 1750 pamene ankafufuza zinthu zokhala ndi mbali zambiri. Pa girafu yolumikizana yonse, ubalewo ndi uwu:

V − E + F = 2

Tiyese ndi mayiko anayi aja. Jambulani Zambia, Mozambique ndi Tanzania ngati ngodya zitatu, Malawi pakati, ndipo mulumikize onse. Madontho ndi 4, mizere ndi 6, zigawo zam'kati ndi zitatu, kuphatikiza chakunja ndi 4. Ndiye 4 − 6 + 4 = 2.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Yambani ndi dontho limodzi lokha pa pepala: V ndi 1, E ndi 0, F ndi 1, zonse pamodzi 2. Mukaonjezera dontho latsopano n'kulilumikiza ndi mzere umodzi, V ndi E akwera ndi 1 onse awiri, ndiye yankho silisintha. Mukajambula mzere pakati pa madontho awiri amene alipo kale, mzerewo udula chigawo chimodzi kukhala ziwiri. E ndi F akwera ndi 1, yankho likadali 2. Girafu iliyonse yolumikizana ikhoza kumangidwa ndi masitepe awiri amenewa.

Tsopano tione malire a chigawo chilichonse. Popeza pakati pa madontho awiri timajambula mzere umodzi wokha, ndipo palibe mzere wochoka pa dontho n'kubwereranso pomwepo, chigawo sichingazunguliridwe ndi mbali zochepera zitatu, malinga ngati girafuyo ili ndi madontho atatu kapena kuposa. Tikawerenga mbali za zigawo zonse, tipeza zosachepera 3F. Koma mzere uliwonse uli ndi mbali ziwiri zokha, ndiye kuti mbali zonse pamodzi ndi 2E. Choncho 3F ≤ 2E.

Tichulukitse ubale wa Euler ndi 3, tipeza 3V − 3E + 3F = 6. Pamalo pa 3F tikaika 2E, imene ili yofanana naye kapena yokulirapo, tipeza kuti 6 ≤ 3V − E. Tikakonza bwino:

E ≤ 3V − 6

Kunena kwina, pa pepala mizere ili ndi polekezera. Madontho anayi sangapose mizere 6, ndipo mayiko anayi aja afika pomwepo. Madontho asanu sangapose mizere 9. Kuti mayiko asanu agundane aliyense ndi anzake onse pangafunike mizere 10, choncho zimenezo sizingatheke.

Dziko la anansi osaposa asanu

Tikaphatikiza madigiri a madontho onse, mzere uliwonse uwerengedwa kawiri, kamodzi kumapeto kuno, kamodzi kumapeto uko. Ndiye madigiri onse pamodzi ndi 2E, ndipo malinga ndi zomwe tapeza, sangapose 6V − 12. Tiyerekeze kuti dontho lililonse lili ndi digiri 6 kapena kuposa. Pamenepo madigiri onse pamodzi akanafika 6V. Koma 6V yaposa 6V − 12, ndiye zimenezi sizingachitike. Pa girafu iliyonse yopanda mizere yopingasana payenera kupezeka dontho limodzi, ngakhale litabisala pati, lokhala ndi digiri 5 kapena kutsika.

Wina angafune kuti nambalayi itsike, tinene kuti nthawi zonse pali dontho la digiri 4. Mpira wamiyendo wachikale uja, wa zikopa zakuda ndi zoyera, ukukana zimenezo. Uli ndi zikopa 32: zakuda 12 za mbali zisanu, zoyera 20 za mbali 6. Tikautenga ngati mapu, chikopa chilichonse ngati dziko, misoko yake ilipo 90, ndipo 3 × 32 − 6 ndi 90 ndendende. Mapu a pa mpira akhoza kuyalidwa pa pepala tikaboola pakati pa chikopa chimodzi n'kutambasula, choncho lamulo ndi lomwelo. Pa mpirawu palibe chikopa chokhala ndi anansi ochepera asanu. Onaninso kuti chikopa chakuda chilichonse chaperewera ndi 1 kuti chifike pa 6, ndipo zilipo 12, imene ndi 12 yomwe ija ya mu 6V − 12. Choncho dziko la anansi asanu sitingalizembe. Umboni uyenera kulimbana nalo.

Chotsani, pakani, bwezerani

Tiyerekeze kuti thiyoremu ndi yabodza, ndiye kuti pali magirafu ena amene mitundu isanu siikwana. Mwa magirafu amenewo tisankhe imene ili ndi madontho ochepa kuposa ina yonse. Iyenera kukhala ndi madontho oposa asanu, chifukwa akanakhala asanu kapena kutsika lililonse likanangopatsidwa mtundu wakewake. Iyeneranso kukhala yolumikizana, chifukwa ikanakhala m'zidutswa, chidutswa chilichonse chikanakhala chocheperapo ndipo chikanapakidwa pachokha.

M'girafu imeneyi muli dontho la digiri 5 kapena kutsika. Tilichotse pamodzi ndi mizere yake. Yotsalayo ikadali yopanda mizere yopingasana, ndipo ndi yocheperapo kuposa girafu yaing'onong'ono yolephereka, choncho ikhoza kupakidwa ndi mitundu isanu. Tiipake, kenako tibwezere dontho lija pamalo pake.

Ngati anansi ake ndi anayi kapena kutsika, nkhani yatha, chifukwa anansi anayi sangamalize mitundu isanu. Ngati anansi ndi asanu koma awiri mwa iwo ali ndi mtundu wofanana, mtundu umodzi watsalanso. Tikanaloledwa mitundu 6, umboni ukanathera pomwepa, popeza anansi asanu sangamalize mitundu 6. Vuto latsala ndi limodzi lokha: anansi asanu, aliyense ndi mtundu wake, mitundu yonse isanu yatha, dontho lathu lili pakati lopanda utoto.

Unyolo wa Kempe

Anansi asanuwo tiwapatse manambala 1, 2, 3, 4, 5 motsatana, monga momwe azungulirira dontho lapakati. Tinene kuti 1 ndi wofiira, 2 wachikasu, 3 wobiriwira, 4 wabuluu, 5 wakuda.

Titenge awiri osatsatana, 1 ndi 3, wofiira ndi wobiriwira. Tiiwale kaye mitundu ina itatuyo. Kuchokera pa 1, tiyende pa mizere koma tizingoponda madontho ofiira ndi obiriwira okha. Madontho onse amene tingawafikire mwa njira imeneyi akupanga gulu limodzi lotchedwa unyolo wa Kempe. Unyolowu ukhoza kukhala ndi nthambi zambiri, ukhozanso kukhala dontho limodzi lokha.

M'kati mwa unyolowu tikhoza kusinthanitsa mitundu, ofiira onse akhale obiriwira, obiriwira onse akhale ofiira, ndipo palibe chimene chingaonongeke. Madontho awiri olumikizana a mu unyolo anali osiyana, ndipo akasinthana akhalabe osiyana. Dontho lakunja logundana ndi unyolo silingakhale lofiira kapena lobiriwira, chifukwa likanakhala lotero likanalowa kale mu unyolomo. Choncho kusinthako sikulikhudza.

Pali njira ziwiri zimene zinthu zingayendere. Ngati unyolo wochokera pa 1 sunafike pa 3, tisinthanitsa mitundu. Mnansi 1 asanduka wobiriwira, 3 akhalabe wobiriwira, ndipo pakati pa anansi asanu palibenso wofiira. Dontho lapakati litenga utoto wofiira.

Ngati unyolowo wafika pa 3, kusinthanitsa sikuthandiza, chifukwa 1 akhala wobiriwira, 3 wofiira, mitundu ikadali isanu. Koma tapeza chinthu china. Pali njira ya madontho ofiira ndi obiriwira yochokera pa 1 kufika pa 3. Tikaiphatikiza ndi mizere iwiri yochokera pa dontho lapakati kupita pa 1 ndi pa 3, tapeza mzere wozungulira wotsekeka. Popeza 2 ali pakati pa 1 ndi 3 pozungulira dontho lapakati, pamene 4 ali mbali inayo, mmodzi mwa awiriwa ali m'kati mwa mzere wotsekekawo, mnzake ali kunja.

Zili ngati khola lomangidwa kuzungulira konse lopanda khomo: mbuzi ya m'kati singakumane ndi ya kunja popanda kudutsa mpandawo. Pa masamu mfundo imeneyi, yoti mzere wotsekeka umagawa pepala kukhala m'kati ndi kunja, imatchedwa ndi dzina la Camille Jordan wa ku France. Tsopano tiyambe unyolo wina kuchokera pa 2, wa madontho achikasu ndi abuluu. Kuti ufike pa 4 uyenera kudutsa mpanda. Sungadutse pa mzere, chifukwa mizere siipingasana. Sungadutse pa dontho la mpanda, chifukwa madontho amenewo ndi ofiira ndi obiriwira, ndipo lapakati lija lilibe utoto. Choncho unyolo wachikasu ndi wabuluu sungafike pa 4. Tisinthanitsa mitundu m'menemo, 2 asanduka wabuluu, 4 akhalabe wabuluu, ndipo utoto wachikasu watsalira dontho lapakati.

Njira zonse ziwiri zatipatsa mtundu. Ndiye kuti girafu ija tinati ndi yolephereka yapakidwa ndi mitundu isanu, kusonyeza kuti girafu yotere kulibe. Umboni wathera pamenepa.

Tiyese pa Uganda

Uganda ili ndi anansi asanu. Tikayamba kumadzulo n'kuzungulira cha kum'mwera, tipeza Congo ya likulu lake ku Kinshasa, kenako Rwanda, Tanzania, Kenya ndi South Sudan. Tinene kuti wina wapaka kale mapu onse a Africa kupatula Uganda, ndipo wapereka mitundu motere: Congo yofiira, Rwanda yachikasu, Tanzania yobiriwira, Kenya yabuluu, South Sudan yakuda. Burundi, imene siigundana ndi Uganda, waipaka buluu. Mitundu yonse isanu yazungulira Uganda.

Tiyamba ndi Congo ndi Tanzania, ofiira ndi obiriwira. Mayiko awiriwa ali ndi malire pa nyanja ya Tanganyika, choncho unyolo wochokera ku Congo wafika ku Tanzania pa sitepe imodzi yokha. Kusinthanitsa mitundu yawo sikumasula mtundu uliwonse. Koma mpanda waoneka: Uganda, Congo ndi Tanzania atsekera mayiko awiri m'kati, Rwanda ndi Burundi. Kenya ili kunja.

Tsopano tiyamba unyolo wachikasu ndi wabuluu kuchokera ku Rwanda. Anansi a Rwanda ndi Uganda, Congo, Tanzania ndi Burundi, ndipo wabuluu ndi Burundi yekha. Kuchokera ku Burundi kulibenso kopita, chifukwa anansi ake ena ndi Congo ndi Tanzania. Unyolo wathera pa mayiko awiri. Tikasinthanitsa, Rwanda ikhala yabuluu, Burundi yachikasu. Rwanda ndi Kenya tsopano zafanana, koma palibe vuto chifukwa sizigundana. Uganda itenga chikasu, ndipo siikangana ndi Burundi popeza pakati pawo palibe malire.

Chitsanzochi chikuonetsanso pamene ophunzira ambiri amaphonya. Munthu wopupuluma angangosintha Rwanda yokha kukhala yabuluu, n'kuiwala Burundi. Akatero mayiko awiri ogundana akhala a buluu onse. Unyolo uyenera kusinthidwa wonse, mpaka nthambi yake yomaliza. Kuphonya kwina ndi kuiwala dongosolo la anansi pozungulira. Awiriawiri amene tasankha ayenera kukhala olowana, 1 ndi 3 kenako 2 ndi 4. Tikanatenga 1 ndi 2 kenako 3 ndi 4, mpanda woyamba sukanalekanitsa 3 ndi 4, ndipo maunyolo onse awiri akanatha kufika komwe akupita. Njira yodziyesera ndi kufunsa kuti, kodi khalidwe la mizere yosapingasana ndaligwiritsa ntchito pati? Mu umboni wolondola limaonekera kawiri, pa kuwerenga kwa Euler ndi pa mpanda. Umboni umene sunalitchule uli ndi cholakwika penapake, chifukwa popanda khalidweli thiyoremu ndi yabodza. Madontho 6 olumikizana lililonse ndi anzake onse amafuna mitundu 6. Ngakhale malo ojambulapo akasintha, yankho limasintha: pa chubu cha tayala la galimoto, ubale wa Euler umapereka 0 m'malo mwa 2, ndipo Heawood yemweyo anasonyeza kuti mapu ena a pamenepo amafuna mitundu 7.

Chifukwa chake njirayi siifika pa inayi

Ndi mitundu inayi, dontho la anansi anayi silivuta, chifukwa mpanda womwe uja umagwira ntchito. Povuta ndi pa dontho la anansi asanu. Mitundu inayi ikazungulira dontho lotere, umodzi umaoneka kawiri. Tinene kuti 1 ndi wabuluu, 2 wofiira, 3 wachikasu, 4 wobiriwira, 5 wofiiranso.

Kempe anayesa kaye kumasula buluu. Ngati unyolo wabuluu ndi wachikasu suchoka pa 1 kufika pa 3, kusinthanitsa kumathetsa nkhani. Chimodzimodzinso ngati unyolo wabuluu ndi wobiriwira suchoka pa 1 kufika pa 4. Maunyolo onse awiri akafika, pamakhala mipanda iwiri. Woyamba walekanitsa 2 ndi 4, choncho 2 akhoza kusanduka wobiriwira posinthanitsa ofiira ndi obiriwira. Wachiwiri walekanitsa 5 ndi 3, choncho 5 akhoza kusanduka wachikasu posinthanitsa ofiira ndi achikasu. Kempe anati tichite zonse ziwiri, ofiira onse awiri achoke, dontho lapakati likhale lofiira.

Kusintha kulikonse pakokha n'kolondola. Cholakwika chili pochita zonse ziwiri. Mipanda iwiriyi yonse ili ndi madontho abuluu, choncho ikhoza kudutsana pa dontho labuluu. Ikadutsana, mbali ina ya mpanda wachiwiri imalowa m'kati mwa woyamba. Kusintha koyamba, kwa ofiira ndi obiriwira, kukhoza kusandutsa dontho lobiriwira la mpanda wachiwiri kukhala lofiira, ndipo mpandawo ubooka. Pamenepo unyolo wofiira ndi wachikasu wochokera pa 5 upeza podutsira n'kukafika pa 3. Munthu akaumirira kusintha zonse nthawi imodzi, dontho lobiriwira ndi lachikasu ogundana akhoza kusanduka ofiira onse awiri. Heawood anajambula mapu a mayiko 25 pamene zimenezi zikuchitikadi. Mapuwo akhoza kupakidwa ndi mitundu inayi mwa njira ina; chimene anagwetsa ndi umboni wa Kempe, osati mfundoyo.

Mfundo ya mitundu inayi inadikira mpaka 1976, pamene Kenneth Appel ndi Wolfgang Haken a ku yunivesite ya Illinois ku America anaitsimikizira. Iwo sanathe kudalira dontho limodzi. Anasonkhanitsa timagulu ta madontho pafupifupi 2,000, n'kusonyeza kuti girafu yaing'onong'ono yolephereka iyenera kukhala ndi kamodzi mwa ito, kenako kompyuta inayesa kagulu kalikonse kwa maola oposa 1,000 onse pamodzi. M'zaka za m'ma 1990 Neil Robertson, Daniel Sanders, Paul Seymour ndi Robin Thomas anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 633, komabe kompyuta inafunika.

Kusiyana kwa isanu ndi inayi kuli pa chiwerengero cha anansi oyenera kusunthidwa. Ndi mitundu isanu, mtundu uliwonse umaoneka kamodzi kokha pozungulira dontho, choncho kusuntha mnansi mmodzi n'kokwanira. Mpanda wofiira ndi wobiriwira sugawana mtundu uliwonse ndi unyolo wachikasu ndi wabuluu, ndipo palibe kusintha kwina kumene kungaubowole tisanaugwiritse ntchito. Ndi mitundu inayi, pamafunika kusuntha anansi awiri, ndipo kusintha koyamba kukhoza kuononga chimene kwachiwiri kukudalira. N'chifukwa chake umboni wa mitundu isanu umakwana pa masamba awiri, ndipo aliyense amene ali ndi mapu ndi chekeni cha mitundu isanu akhoza kuutsatira yekha, sitepe ndi sitepe, n'kuona kuti palibe pamene waphonya.